Kodi ogula chiponde tiwafunse bwanji kuti tidziwe chimene amafunadi?

Chiponde_cha_ku_Mchinji

Moni nonse a pa gulu lino. Ine ndimapanga chiponde cha m'mabotolo ndipo ndimaperekera m'magolosale a mu Lilongwe ndi m'masitolo angapo a ku Mchinji. Ndikufuna kusintha botolo ndi pepala lomata pabotolopo, koma ndisanawononge ndalama ndikufuna nditadziwa kuti anthu amene amagula chiponde changa ndi otani, ndiponso chimene chimawabweza kudzagulanso dzina lomweli pamene pa shelefu pali mayina ena. Alangizi a zamalonda amati ndikonze zithunzithunzi za ogula, ndiye kuti kufotokoza papepala magulu awiri kapena atatu a makasitomala ngati kuti gulu lililonse ndi munthu mmodzi. Vuto n'lakuti aliyense amene wayankha mafunso a pa fomu yathu akunena zofanana, kuti amafuna chiponde chabwino cha mtengo wabwino, ndipo yankho limeneli silikundiuza botolo loti ndigule kapena mawu oti ndilembe. Kodi amene munachitapo ntchito yocheza ndi ogula mumafunsa bwanji?

WaGolosale_25

Mayi, anthuwo akuuzani zoona, musavutike n'kufufuza kwina. Ine ndimakhala kuseri kwa kauntala tsiku lonse, ndipo funso loyamba la munthu aliyense ndi lakuti n'zingati. Chichokereni mu Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anthu ambiri amene ankatenga botolo lalikulu anatsikira ku laling'ono. Chithunzithunzi cha wogula ndi chimodzi basi, ndicho munthu amene akuwerenga ndalama za m'thumba mwake.

Mfufuzi_wa_Misika

Bambo a golosale, zimene mwaonazo ndi zoona, koma taonani kuti anthuwo anatsikira ku botolo laling'ono m'malo mosamukira ku chiponde chotsika mtengo chopanda dzina, chimene chimapezeka pamsika. Mtengo unasintha kukula kwa botolo, koma chilipo china chimene chinawasunga pa dzina lomwelo, ndipo chimenecho n'chimene mayiwa akufuna kudziwa.

Mayi, fomu siingakupatseni yankho limeneli chifukwa imafunsa munthu maganizo ake, ndipo munthu akafunsidwa chimene amachiona kukhala chofunika amayankha zimene munthu wanzeru aliyense ayenera kuyankha. Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi yofunsa za ulendo weniweni womaliza umene munthuyo anagula. Ndimayamba ndi kunena kuti, "Tandikumbutseni za tsiku limene munagula chiponde komaliza. Linali liti, munali kuti, ndipo chinachitika n'chiyani kunyumba kuti mukagule tsiku limenelo?" Kenaka ndimamuyendetsa pang'onopang'ono: anafika pa shelefu, anaona mabotolo ati, ananyamula liti koyamba, kodi alipo limene analibweza, anayang'ana chiyani asanaike m'basiketi, ndipo atafika kunyumba analitsegula ndani. Munthu amene amangoti amafuna chabwino, mukamufunsa motere amakuuzani kuti anatembenuza botolo kuti aone ngati likudontha, kapena kuti anasuzumira pansi pa chivindikiro kuti aone ngati pali pepala lomata. Zimenezi sangazilembe pa fomu chifukwa iye mwini saziwerengera ngati maganizo.

Funso lachiwiri limene limatulutsa zambiri ndi la kusintha. Mufunseni chiponde chimene ankagula kale, ndi chimene chinachitika kuti achisiye. Munthu sasiya chinthu chimene anachizolowera popanda chochitika, ndipo chochitikacho chimaonetsa malire a zimene angapirire.

Mnyamata_wa_Malonda

Ine ndikuona kuti njira yachidule ndi kuika tebulo pakhomo la sitolo Loweruka, kupaka chiponde chanu ndi cha anzanu pa buledi osaonetsa mabotolo, anthu n'kulawa ndi kusankha chokoma. Chimene chapambana ndicho chimene anthu amafuna.

Mphunzitsi_Wopuma

Mwana wanga, kulawitsa kumayankha funso lina, osati limene lafunsidwa pano. Mu 1985 kampani ya Coca-Cola ku America inasintha kakomedwe ka chakumwa chake itachita mayeso olawitsa pafupifupi 200,000, ndipo m'mayesowo ambiri anasankha chatsopanocho. Koma chakale chitachotsedwa m'masitolo anthu anakwiya kwambiri, moti pasanathe miyezi itatu kampaniyo inachibwezeretsa. Olawawo sananame, chatsopanocho chinkawakomeradi pakamwa, koma mayesowo sanafike pa chimene dzina lakalelo linkatanthauza pa moyo wawo. Mayiwa akufunsa za dzina ndi botolo, ndiye mukabisa botololo mwabisa chinthu chimene akufuna kumva.

Mnyamata_wa_Malonda

Ndamva, bambo, koma chiponde chosakoma palibe angachigule kawiri, ngakhale botolo litakongola chotani.

Mfufuzi_wa_Misika

Zimenezo palibe akutsutsa, achimwene, ndipo kulawitsa kuli ndi nthawi yake, makamaka pamene mukusintha mchere kapena kakazingidwe ka mtedza. Pa ntchito ino mabotolo aoneke. Ndimaika mabotolo atatu a mayina osiyana patebulo n'kufunsa kuti, "Mwa atatuwa, ndi awiri ati amene akufanana, ndipo akusiyana bwanji ndi lachitatulo?" Ubwino wa funsoli ndi wakuti wogula amasankha yekha chinthu chosiyanitsira, inu osamuikira mawu m'kamwa. Wina amati awiriwa ali ndi mafuta pamwamba, wina amati awiriwa ndi a pulasitiki, wina amati awiriwa ali ndi chidindo cha bungwe la Malawi Bureau of Standards.

Akatchula chinthu chotere, ntchito yeniyeni imayambira pamenepo, chifukwa mafuta a pamwamba kapena chidindo si chimene munthu amafuna mwa icho chokha. Akatswiri awiri, Reynolds ndi Gutman, anafotokoza bwino njira imeneyi mu 1988: mumayambira pa chinthu chooneka pa katunduyo, n'kukwera kufika pa chimene chinthucho chimamuchitira munthuyo, n'kukweranso kufika pa chimene iye amachisamala pa moyo wake. Ndipereke chitsanzo cha mmene kucheza kotere kumayendera. Mayi wanena kuti amayang'ana pepala lomata pansi pa chivindikiro. Mukafunsa kuti likapanda kukhalapo chimamudetsa nkhawa n'chiyani, amati sadziwa amene anatsegulamo kapena chimene anathiramo. Mukafunsa kuti chipondecho amadya ndani kunyumba, amati amathira m'phala la mwana wamng'ono m'mawa uliwonse. Mukafunsa kuti zimakhala bwanji mwanayo akatsegula m'mimba, amakamba za kujomba ku ntchito, za mzere wa kuchipatala, ndi za manyazi a ku sikelo pamene mwana watsika thupi pamaso pa amayi anzake. Apa mwafika pamwamba. Mayi ameneyu akugula mtendere wa mumtima pa chakudya cha mwana, ndipo mukachotsa pepala lomatalo kuti mutsitse mtengo pang'ono, mwamutaya.

Chenjezo langa ndi lakuti musabwereze mawu akuti "chifukwa chiyani" kambirimbiri motsatizana, chifukwa kwathu kuno zimamveka ngati mlandu wa kubwalo la mfumu, ndipo munthu amayamba kudziteteza kapena kupeka zifukwa kuti mumusiye. Sinthani kafunsidwe. Funsani kuti chinthucho chikanapanda kukhalapo chikanachitika n'chiyani, kapena kuti ndi liti pamene anagula chopanda chinthucho ndipo zinatha bwanji. Akafika poti angoseka n'kunena kuti ndi mmene zilili basi, lekani, mwafika pothera.

Make_Atatu

Ndiloleni ndiyankhe ngati wogula, chifukwa nkhani ya mafuta a pamwambayo yandikhudza. Ine ndikaona mafuta atayandama pamwamba pa chiponde ndimadziwa kuti muli mtedza wokhawokha, ngati chimene ankasinja amayi anga mu mtondo, ndipo ndi chimene ndimanyamula. Koma mlamu wanga akaona mafuta omwewo amabweza botolo pa shelefu, amati lakhalitsa ndipo lawonongeka. Tonse ndife amayi a misinkhu yofanana, timakhala dera limodzi, ndipo ndalama zimene timapeza sizisiyana kwenikweni. Mukatilemba ngati munthu mmodzi chifukwa cha zaka zathu ndi kumene timakhala, mmodzi wa ife mumunamizira.

Chinanso, ana anga awiri ali ku sukulu yogonera konko, ndipo pamene ndikuwagulira zopita nazo ndimakhala munthu winanso. Nthawi imeneyo sindifuna cha mafuta pamwamba, chifukwa chikadontha m'chikwama chimawononga yunifolomu ndi makope. Ndimafuna botolo lalikulu la pulasitiki, la chivindikiro cholimba, loti mwana adye mpaka pakati pa teremu.

Mfufuzi_wa_Misika

Mayi a ana atatu, mwanena chinthu chimene chimagwetsa zithunzithunzi zambiri zimene ndaziona m'makampani. Zimalembedwa motsata zaka, jenda ndi malipiro, chifukwa zimenezi n'zosavuta kuwerenga, koma sizifotokoza chifukwa chimene dzanja linapitira ku botolo ili n'kusiya ilo. Magulu agawidwe motsata nthawi imene munthu akugulira ndi chimene akuopa kapena kufuna pa nthawiyo. Monga mwaonetsera, munthu mmodzi angathe kupezeka m'magulu awiri pa miyezi yosiyana, ndipo zimenezo si vuto.

Chiponde_cha_ku_Mchinji

Zikomo kwambiri, tsopano ndayamba kuona kafunsidwe kake. Koma ndicheze ndi anthu angati, ndipo ndiwapeze kuti? Ndimaganiza zoyamba ndi amayi a ku mpingo kwathu ndi a ku banki m'khonde, popeza ambiri amagula chiponde changa ndipo sangandikanire.

Mfufuzi_wa_Misika

Mayi, chifukwa chomwecho chakuti sangakukanireni n'chimene chikuwachotsa pa mndandanda. Munthu amene mumapemphera naye sangakuuzeni kuti chivindikiro chanu chimadontha, adzakuyamikirani chifukwa cha ulemu. Ndiponso ndikupempha kuti wofunsa musakhale inu. Tumani munthu wina wodekha, wodziwa kumvetsera, amene anganene moona kuti iye si amene amapanga chipondecho ndipo sakhumudwa ndi yankho lililonse. Asavale malaya olembedwa dzina la malonda anu.

Anthu muwapeze m'masitolo momwe muli chiponde chanu pamodzi ndi cha ena, mutapempha chilolezo kwa mwini sitolo, ndipo mufikire munthu amene wangonyamula kumene botolo, la dzina lililonse. Pakhale mitundu itatu: amene amagula chanu mobwereza, amene amagula cha ena, ndi amene ankagula chanu koma anasiya. Otsirizawa ndi ovuta kuwapeza, koma ndi amene amaphunzitsa kwambiri, ndipo eni magolosale amawadziwa. Mugawenso masiku, ena kumapeto kwa mwezi pamene anthu alandira, ena pakati pa mwezi pamene m'thumba mwauma, chifukwa mukapita kumapeto kwa mwezi kokha mudzaganiza kuti aliyense amagula botolo lalikulu.

Za chiwerengero, pali kafukufuku wodziwika wa mu 2006 wa Guest ndi anzake, amene anacheza ndi amayi 60 a ku Ghana ndi ku Nigeria, n'kupeza kuti pafupifupi mfundo zonse zikuluzikulu zinali zitatuluka kale mwa anthu 12 oyambirira. Koma amayiwo anali a gulu lofanana ndipo mafunso anali amodzimodzi. Inu muli ndi mitundu itatu ya ogula, m'tauni ndi ku boma, choncho konzekerani anthu a pakati pa 20 ndi 30, aliyense mphindi 20 kapena 30. Chizindikiro chakuti mwakwanira ndi chakuti anthu angapo otsatizana sakubweretsanso chatsopano, moti wofunsa akutha kulosera yankho lisanatuluke.

WaGolosale_25

Mphindi 30 m'golosale mwanga? Munthu amene wasiya ndiwo pamoto sangaime nthawi yonseyo, ndipo ambiri amene amabwera kudzagula ndi ana otumidwa kapena antchito a pakhomo, amene amangotchula dzina limene awauza.

Mfufuzi_wa_Misika

Apa mwandithandiza, bambo. Pa shelefu pamangofunika mphindi ziwiri zokha, zofunsa chimene wanyamula ndi kupempha nthawi ina yoti mucheze, pa benchi panja kapena kunyumba kwake ngati walola. Kunyumba n'kwabwino koposa chifukwa mumaona botolo pamene limakhala, supuni imene amatapira, ndi ntchito imene botolo lotha limagwira, kaya asungiramo mchere kapena shuga. Wotumidwa mumufunse funso limodzi lokha, lakuti akapeza dzinalo latha amatani: amabwerera chimanjamanja, amaimba foni, kapena amatenga lina lililonse? Yankho limeneli limaonetsa mphamvu ya dzinalo m'nyumbamo. Kenaka pemphani kucheza ndi amene anamutuma. Ana musacheze nawo popanda makolo awo.

Wa_ku_Joni

Bwanji osangotolera manambala a foni a ogulawo n'kuwatumizira mafunso pa WhatsApp? Kuno kumene ndili masitolo akuluakulu amadziwa zonse za ife kudzera pa makhadi amene timasonyeza polipira, sachita kuima pa shelefu.

Mphunzitsi_Wopuma

Khadi limauza sitolo chimene mwagula ndi tsiku lake, koma silinena chifukwa. Ndiponso nambala ya foni ya munthu si chinthu chongotolera. Wofunsa ayenera kunena poyamba kuti zokambiranazo ndi za chiyani, apemphe chilolezo asanajambule mawu, ndipo pa zolemba pasakhale dzina lenileni la munthuyo.

Make_Atatu

Ndipo musatipatse botolo laulere tisanayambe kucheza, chifukwa amene walandira mphatso sanyoza. Mayunitsi pang'ono pomaliza, othokoza chifukwa cha nthawi, ndi okwanira.

Chiponde_cha_ku_Mchinji

Nanga zokambiranazo zikatha, ndichoka bwanji pa mulu wa makope kufika pa zithunzithunzi ziwiri kapena zitatu?

Mfufuzi_wa_Misika

Tsiku lomwelo la kucheza, wofunsa alembe khadi limodzi la munthu aliyense, zisanasakanikirane m'mutu. Pakhadipo pakhale nthawi imene anagulira ndi chimene chinayambitsa, amene amadya chipondecho, kukula kwa botolo, chimene anayang'ana pa shelefu, chimene chinamusiyitsa dzina lakale, makwerero amene anakwera kuchokera pa chooneka kufika pa chimene amasamala, ndi mawu ake enieni awiri kapena atatu osakonzedwa. Makhadi onse akakwana, ayaleni patebulo muli awiri kapena atatu, n'kuunjika pamodzi amene makwerero awo akuthera pamodzi, osayang'ana zaka kapena kumene amakhala.

Potengera zimene zatuluka kale muno, tiyerekeze kuti mwapeza milu itatu. Woyamba ndi wa kholo lothira chiponde m'phala la mwana, limene limagula botolo laling'ono pafupipafupi, limayang'ana pepala lomata, chidindo ndi tsiku lothera ntchito, ndipo limasiya dzina likangomva fungo lachilendo kamodzi kokha. Wachiwiri ndi wa kholo lokonzera mwana wa ku sukulu yogonera, limene limagula botolo lalikulu katatu pa chaka, limaopa kudontha, ndipo limafuna kuti mwana asaoneke wosowa pakati pa anzake. Wachitatu mwina ndi wa munthu wa pantchito amene amatendera ndiwo ndi chiponde m'malo mwa nsinjiro, amene amakana cha shuga ndipo amakondwa akaona mafuta pamwamba. Mulu uliwonse ulembedwe pa tsamba limodzi, ndipo mzere uliwonse wa patsambapo muthe kuloza makhadi angapo amene wachokera. Mzere umene wachokera pa khadi limodzi lokha, kapena m'mutu mwanu, uchotsedwe, ngakhale ukumveka bwino.

Chithunzithunzi chabwino mumachidziwa chifukwa chimakukakamizani kusankha. Woyamba ndi wachiwiri akugwirizana pa chivindikiro cholimba chomata, choncho ndalama zoyamba zipite kumeneko. Koma wachiwiri ndi wachitatu akutsutsana pa mafuta, ndiye muyenera kusankha pakati pa kupanga mitundu iwiri ndi kulemba pabotolo kuti mafutawo ndi a mtedza womwewo, avundulidwe asanadye. Tsamba limene mutaliwerenga simunasinthe ganizo lililonse la botolo, mawu kapena sitolo yoperekerako, lalembedwa mosakwanira.

Mlimi_wa_CG7

Ndiwonjezere pa gulu loyambalo monga mlimi wa mtedza. Pepala lomata limaonetsa kuti botolo silinatsegulidwe, koma silichotsa chuku chimene chinalowa mtedza usanagayidwe, ndipo poizoni wa chuku satha ndi kukazinga. Ngati mayi wa phalayo akugula mtendere wa mumtima, ndiye kuti wopanga ayenera kusankha mtedza wouma bwino, kutaya wofota ndi wowola, ndi kuyezetsa ku labotale. Kulemba mawu okoma pabotolo chifukwa mwadziwa chimene mayiyo amaopa, koma osachita ntchitoyo, ndi kumupusitsa pa nkhani ya mwana wake.

Chiponde_cha_ku_Mchinji

Ndikugwirizana nanu, bambo, ndipo mtedza wanga ndimayezetsa, koma pabotolo palibe pamene zimenezi zalembedwa. Ngati gulu limenelo litatulukadi pa zokambirana, ndiye kuti mawuwo ayenera kukhala kutsogolo.

WaGolosale_25

Ine ndikadali ndi funso langa. Anthu 25 angakuuzeni bwanji kuti gulu lalikulu ndi liti? Mungathe kugula mabotolo akuluakulu ambiri chifukwa cha makolo a ku sukulu yogonera, pamene kwanga kuno makolo otere ndi owerengeka.

Mfufuzi_wa_Misika

Sangakuuzeni, ndipo amenewa ndi malire enieni a njirayi. Kucheza kumaonetsa magulu amene alipo ndi zifukwa zawo, koma sikuonetsa kukula kwa gulu lililonse, choncho n'kulakwa kunena kuti theka la ogula onse ndi otere chifukwa theka la amene munacheza nawo linatero. Kukula kwake mukupeze m'buku la malonda. Ngati gulu la sukulu ndi lalikulu, mabotolo akuluakulu ayenera kuoneka akutuluka kwambiri m'sabata zoyandikira kutsegulira kwa teremu iliyonse, ndipo ngati buku silikuonetsa kukwera kumeneko, gululo ndi laling'ono m'dera limenelo. Mungathenso kuyesa chivindikiro chatsopano m'masitolo ochepa kwa miyezi iwiri, mtengo osasintha, n'kuyerekeza ndi masitolo ofanana nawo amene atsala ndi chakale. Fomu ija imagwira ntchito pa nthawi ino, chifukwa tsopano muli ndi mawu a ogula eni ake oti muike pa mafunso.

Mphunzitsi_Wopuma

Pali chimodzi chimene sindikuvomereza m'kachitidwe kameneka, ndicho kupatsa gulu dzina la munthu ndi nkhope yojambula. Mukangolitcha gulu dzina la mayi n'kuikapo chithunzi cha mayi wovala chitenje, ogwira ntchito amaiwala abambo amene amagulanso za phala la mwana, ndipo amayamba kuwonjezera m'mutu mwawo zinthu zimene palibe ananena. Ine ndingakonde dzina lofotokoza nthawi yogulira, monga wa phala la m'mawa kapena wa chikwama cha ku sukulu.

Mfufuzi_wa_Misika

Ngoziyo ilipodi, bambo, koma ine ndaona kuti wojambula pepala la pabotolo ndi mnyamata woperekera katundu amakumbukira munthu kuposa mutu wa nkhani, ndipo tsamba losakumbukika limangokhala m'kabati. Pa nkhope ndikugwirizana nanu kuti isakhalepo, m'malo mwake pakhale chithunzi cha botolo pamene limakhala m'nyumba. Pa dzina sindinasinthe maganizo.

Make_Atatu

Ine ndili mbali ya aphunzitsi, chifukwa kwathu amene amagula za phala la mwana wotsiriza ndi bambo ake pochokera ku ntchito.

WaGolosale_25

Mayi a ku Mchinji, wofunsa wanuyo angathe kubwera kwanga, ndipo ndimulozera makasitomala amene anasiya chiponde chanu ngati iwo atalola kucheza naye. Abwere Lachiwiri kapena Lachitatu masana pamene anthu achepa, aime panja pa khonde osati pa kauntala, ndipo pa mafunso akewo aikepo lakuti botolo likakwera mtengo kufika pati munthuyo angalisiye, chifukwa yankho limenelo ndikufuna ndilimve nanenso.